Mafunso ndi mayankho: mafunso ogwirizanitsa ndi a A ndi R pa mapepala a mayeso ojambulidwa pa foni

Mafunso ali m'munsimu ndi amene amabwera kawirikawiri m'magulupu owerengera kuno ku Blantyre, makamaka kwa anzathu a maphunziro a zaumoyo ndi ena amene akukonzekera mayeso akunja. Munthu amatumiza chithunzi cha pepala usiku, wina ayankha kuti ndi (a), wina (b), mkangano mpaka bandulo kutha, chonsecho mwina vuto si phunzirolo ayi koma kawerengedwe ka mayankho osankhawo. Ndawasanja kuyambira osavuta kupita ku ozama.

Kodi mafunso a A ndi R ndi ati, nanga bwanji kusukulu sitinawazolowere?

Ndi mafunso amene amakupatsani ziganizo ziwiri. Choyamba pa pepala chimalembedwa kuti Assertion, mwachidule A, ndipo chimangonena mfundo inayake. Chachiwiri ndi Reason, mwachidule R, chimene chimaoneka ngati chikupereka chifukwa cha mfundoyo. Ntchito yanu ndi kuweruza zinthu zitatu: A ndi zoona kapena ayi, R ndi zoona kapena ayi, ndipo ngati zonse zili zoona, kodi R ndiye chifukwa chenicheni cha A.

Mapepala ambiri otere amene amazungulira pa WhatsApp amachokera ku India, komwe mtundu umenewu umapezeka m'mayeso ngati NEET ndi UGC NET, komanso m'mabuku okonzekera mayeso a unamwino ndi udokotala. Nchifukwa chake munthu amene wangochoka ku Fomu 4 amadabwa nawo, koma si kuti ndi ovuta mwapadera, amangofuna kuti mudziwe m'mene anawapangira.

Mayankho anayi aja amakhala omwewo nthawi zonse?

Nkhani yake imakhala yomweyo, koma malo ake amasintha, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amagwera. Kasanjidwe kotchuka ndi aka:

(a) A ndi R zonse ndi zoona, ndipo R akufotokoza A
(b) A ndi R zonse ndi zoona, koma R sakufotokoza A
(c) A ndi zoona, R ndi bodza
(d) A ndi bodza, R ndi zoona

Mukawerenga bwino muona kuti pali njira yachisanu imene palibepo, yoti zonse ziwiri ndi bodza. Mapepala ena amaiika ngati (e), ena amachotsa (d) yomwe tailemba pamwambayi n'kuikapo imeneyo. Ena amasokoneza dala, yankho loti A ndi zoona koma R ndi bodza n'kukhala loyamba. Ndiye munthu amene analoweza kuti "zonse zoona ndipo zikugwirizana ndi (a)" amaganiza bwinobwino, n'kudetsa bokosi lolakwika. Pepala lililonse latsopano werengani mayankho anayiwo kaye musanayambe, ndi masekondi ochepa chabe.

Ndiyambire pati poyankha? Ndikawerenga zonse pamodzi mutu umazungulira

Musawerenge pamodzi. Phimbani R ndi chala, werengani A payekha, lembani pambali kuti zoona kapena bodza. Kenako phimbani A, weruzani R payekha. Funso loti zikugwirizana kapena ayi libwere pomaliza, ndipo pokhapokha zonse zapezeka zoona.

Tiyeni titenge chitsanzo cha kwathu konkuno.

A: Pa nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje madzi amawira asanafike pa 100°C.
R: Munthu akamakwera m'mwamba, puresha ya mpweya imachepa.

A ndi zoona, Sapitwa ndi wotalika mamita pafupifupi 3,000, ndipo pamenepo madzi amawira cha m'ma 90°C. R nayenso ndi zoona. Tsopano ikani mawu oti "chifukwa" pakati pawo muwerenge mokweza: madzi amawira asanafike pa 100°C chifukwa puresha ya mpweya ndi yochepa. Kodi ndi m'mene zimachitikiradi? Eya, madzi amawira pamene puresha ya nthunzi yake yafanana ndi puresha ya mpweya umene ukuwapanikiza, ndiye mpweyawo ukakhala wopepuka nthunziyo sifunika kutentha kwambiri kuti ifike pamenepo. Yankho ndi (a).

Wolemba mayeso akafuna kuti yankho likhale (c) amangotembenuza mawu amodzi mu R, kulemba kuti puresha "imachuluka" m'malo moti imachepa. Akafuna (d) amatembenuza A, kunena kuti pa Sapitwa madzi amawira atapitirira 100°C, R n'kumusiya momwemo. Funso limodzi lomwelo, mawu amodzi okha asintha.

Nanga (a) ndi (b) ndingazisiyanitse bwanji? Apa mpamene ndimalephera

Simuli nokha, malikisi ambiri amathawira apa. Tisiye A yemwe uja wa madzi pa Sapitwa, koma R akhale uyu: pa Sapitwa pamazizira kuposa ku Nsanje. Ndi zoona zosakanika, aliyense akudziwa kutentha kwa ku Chigwa cha Shire. Ndipo poti ziganizo zonse zikukamba za phiri lomwelo ndi za kutentha, mtima umathamangira kuti zikugwirizana. Koma kuzizira si kumene kumatsitsa mlingo wowirira madzi. M'mawa wa mu Juni ku Chigumula kukazizira, ketulo imachedwa kuwira, koma imawirabe pa mlingo womwewo umene imawirira mu Okutobala. Kuzizira ndi kutsika kwa mlingo wowirira zonse zikuchokera ku kutalika kwa phiri, ndi ana a mayi mmodzi, koma wina sanabereke mnzake. Yankho ndi (b).

Njira imene imandithandiza ndi kufunsa kuti, R atachoka kodi A angakhalepobe? Tiyerekeze kuti tsiku lina pa Sapitwa patentha, madzi adzawirabe cha m'ma 90°C. Ndiye kuzizira si chifukwa. Koma puresha itakwera kufanana ndi ya m'mphepete mwa nyanja yamchere, madzi angabwerere ku 100°C. Chifukwa chenicheni ndi chimene ukachichotsa mfundo nayo imagwa.

Msampha wina ndi kutembenuza mutu ndi mchira. Mwachitsanzo A akuti udzudzu umachuluka nthawi ya mvula, R akuti odwala malungo amachuluka nthawi ya mvula. Zonse zoona ndipo zikugwirizanadi, koma ndi A amene akufotokoza R, osati R kufotokoza A. Werengani ndi "chifukwa" uja mumve: udzudzu umachuluka chifukwa odwala malungo achuluka. Sizikumveka. Funso limafunsa mbali imodzi yokha, ndiye apanso ndi (b). Palinso R amene amangobwereza A ndi mawu ena popanda kuonjezera kalikonse, ameneyonso sanafotokoze kanthu.

Ndikudziwa chiganizo chimodzi chokha, chinacho sindikuchidziwa. Pali chimene ndingachite?

Chilipo, ndipo chikuchokera pa njira yachisanu yosowa ija. Pa kasanjidwe kotchuka, yankho loti A ndi bodza ndi limodzi lokha. Ndiye mukatsimikiza kuti A ndi bodza mwamaliza, ndi (d), R olo musamuwerenge. Mukatsimikiza kuti R ndi bodza, ndi (c). Kudziwa bodza kumathetsa funso, pomwe kudziwa zoona kumangochotsa yankho limodzi: A akakhala woona mwachotsa (d) yekha, atsala atatu.

Koma izi zimagwira ntchito pokhapokha pepalalo lilibe yankho loti zonse ndi bodza. Likakhalapo pamodzi ndi (d), kudziwa kuti A ndi bodza kumakusiyani ndi mayankho awiri. Nchifukwa chake chithunzi chodulidwa kumunsi ndi choopsa, onani funso la zithunzi kutsogoloku.

Mafunso ogwirizanitsa aja a List I ndi List II, manambala ali pansi aja amawerengedwa bwanji?

Nachi chitsanzo cha mbiri ya dziko lathu.

List I
A. Kuukira kwa John Chilembwe
B. Malawi alandira ufulu wodzilamulira
C. Malawi akhala Ripabuliki
D. Riferendamu ya zipani zambiri

List II
1. 1964
2. 1993
3. 1915
4. 1966

Mayankho, motsatira A B C D:
(a) 3 4 1 2
(b) 3 1 4 2
(c) 2 1 4 3
(d) 2 4 1 3

Nambala yoyamba pa mzere uliwonse ndi ya A, yachiwiri ya B, choncho mpaka D. Ndiye (b) akunena kuti Chilembwe ndi 1915, ufulu 1964, Ripabuliki 1966, riferendamu 1993, ndipo ndiye yankho lokhoza. Chinthu choyamba chodziwa ndi chakuti zimene zayang'anizana pa pepala, monga A ndi 1, sizitanthauza kuti ndi zogwirizana, anangozilemba moyandikana basi. Ena amalemba mayankho mwa mtundu wa A-3, B-1, C-4, D-2, amenewo savuta. Ovuta ndi a manambala okhaokhawa, poti tanthauzo lonse lili pa kamzere kapamwamba ka A B C D.

Wolemba mayeso amawapanga bwanji mayankho olakwika atatu aja?

Zinthu zinayi mungazisanje m'njira 24, koma pa pepala pamangokwana zinayi. Wolembayo sangotola mwachisawawa, amayamba ndi yankho lokhoza kenako amasinthanitsa ziwiriziwiri. Taonani chitsanzo chapamwambachi. Lokhoza ndi 3 1 4 2. Mu (a) anasinthanitsa B ndi C, poti 1964 ndi 1966 ndi zimene ophunzira amasokoneza, zonse zinachitika pa 6 Julaye. Mu (c) anasinthanitsa A ndi D. Mu (d) anachita zonse ziwiri.

Zikatere funso limene limaoneka ngati la mfundo zinayi limakhala la mfundo ziwiri zokha. A ndi 3 kapena 2? B ndi 1 kapena 4? Mukadziwa kuti Chilembwe ndi 1915, (c) ndi (d) apita. Pa awiri otsalawo musataye nthawi ndi D, poti onse akuti 2. Yang'anani pamene akusiyana, pa B ndi C, ndipo m'modzi mwa awiriwo akukwanirani.

Ndiye musayambe ndi A chifukwa choti ali pamwamba, yambani ndi chimene mukuchidziwa motsimikiza. Ndipo kudziwa kuti chinthu sichingakhale kumathandizanso. Mwina chaka chenicheni cha riferendamu mwaiwala, koma mukudziwa kuti sichingakhale 1915, basi yankho lililonse lothera ndi 3 lichotseni.

Kanthu kena kakang'ono: mindandanda yonse ikakhala ya zinthu zinayi ndipo chilichonse chikugwiritsidwa ntchito kamodzi, mayankho awiri sangasiyane pamalo amodzi okha, amasiyana pawiri kapena kuposa. Mukaona pa chithunzi mizere iwiri yosiyana pa nambala imodzi yokha, dziwani kuti mwawerenga molakwika penapake kapena wotayipa analakwitsa.

Ndinamva kuti ukawerenga nambala yomwe yabwera kambiri pa malo aliwonse umapeza yankho. Ndi zoona?

Nthawi zina zimagwira, nthawi zina ayi, ndipo ndi bwino kudziwa chifukwa chake. Zimagwira ngati wolemba anatenga yankho lokhoza n'kupanga olakwika onse atatu posinthanitsa kamodzikamodzi. Mwachitsanzo 3 4 1 2, kenako 3 1 4 2, kenako 2 1 4 3, kenako 1 3 4 2. Pa malo a A nambala 3 yabwera kawiri, pa B nambala 1 kawiri, pa C nambala 4 katatu, pa D nambala 2 katatu, mukaphatikiza mupeza 3 1 4 2, lokhoza lija. Olakwikawo onse akufanana ndi kholo lawo, ndiye akuliulula.

Koma bwererani ku chitsanzo chathu choyamba muyesere. Pa A, 3 kawiri ndi 2 kawiri. Pa B, 4 kawiri ndi 1 kawiri. Paliponse zafanana, njirayo yafa. Olemba mayeso odziwa ntchito amapanga choncho dala, ndipo ena amafika pomanga olakwika mozungulira yankho lolakwika kuti owerenga manambala akodwe. Ine ndimati njira imeneyi ikhale ya mphindi yomaliza pamene mulibe mfundo ngakhale imodzi. Ikatsutsana ndi mfundo imene mukuidziwa, tsatirani mfundoyo.

Kodi chithunzi chimasokoneza chiyani kwenikweni? Ine ndimaona ngati zikuwerengeka

Kuwerengeka si kukwanira. Pa mafunso a A ndi R, mayankho anayi aja nthawi zambiri amalembedwa kamodzi kokha pamwamba, ndi malangizo oti agwire ntchito pa mafunso angapo otsatira. Wojambula amangojambula funso limene lamuvuta, malangizo atsala pa tsamba lina. Oyankha mu gulupu aliyense amagwiritsa ntchito kasanjidwe kamene anazolowera, ndiye anthu awiri angagwirizane pa mfundo koma n'kumakangana pa chilembo. Mukamayankha mnzanu musamangolemba kuti (c), lembani kuti A zoona, R bodza.

Chachiwiri ndi mawu aang'ono. Pepala lopindidwa kanayi limene lakhala m'thumba mu minibasi kuchokera ku Limbe mpaka ku Ginnery Corner, mzere wopindawo umafufuta inki, ndipo ukadutsa pa `not` kapena `only` chiganizo chonse chatembenuka. Chimodzimodzi m'mphepete mwa buku lonenepa pamene tsamba limapindikira mkati, mawu omaliza a mzere amalowa mumdima. Mukaona mpata waukulu pakati pa mawu, kapena chiganizo chikumveka chopunduka, pemphani chithunzi china musanaweruze.

Pa mafunso ogwirizanitsa vuto lalikulu ndi kupendekeka. Foni ikapendama, mizere imatsetsereka, nambala ya List II imakaoneka moyang'anizana ndi mawu a mzere wapansi, makamaka ngati chinthu china chatenga mizere iwiri. Kamzere ka A B C D nako kamadulidwa kapena kusuntha, manambala osakhalanso pansi pa zilembo zake. Ndiye pali manambala achiroma, `ii` ndi `iii` pa fotokope ya fotokope amangooneka ngati kabanga kamodzi, `iv` ndi `vi` nawonso amasokonekera.

Nambala imodzi yafufutika, ndingaibwezeretse?

Nthawi zambiri inde. Mzere uliwonse umayenera kukhala ndi manambala onse kamodzikamodzi, ndiye mukaona 3 1 kenako banga kenako 2, yosowayo ndi 4. Ndi achiroma chimodzimodzi: mzere ukakhala ndi `iii` woonekera bwino, kabanga kenako ndi `ii`. Akafufutika awiri pa mzere umodzi pamatsala njira ziwiri, ndiye fananizani ndi mizere ina, poti mayankho awiri sangakhale ofanana ndendende.

Malire ake ndi awa. Werengani kaye kuti List II ili ndi zinthu zingati. Olemba ena amaika zisanu pomwe List I ili ndi zinayi, kuti chomaliza musachipeze mwaulere, ndipo ena amalola chinthu chimodzi kugwiritsidwa ntchito kawiri. Zikatere nambala yosowa singadziwike pongowerenga zotsala. Ndipo ngati mzere wonse wa (d) wadulidwa, musakakamize kusankha pa atatu ooneka. Gwirizanitsani nokha papepala, mukapeza kuti zanu sizikupezeka pa atatuwo, kapena lokhoza ndi lodulidwalo kapena mwaphonya penapake, ndipo chithunzi chokha sichingakuuzeni kuti ndi ziti.

Pa chithunzi pali kale chizindikiro cha pensulo pa yankho lina. Ndichikhulupirire?

Ayi, pokhapokha mutadziwa kuti anachonga ndani. Kawirikawiri ndi wophunzira mnzanu amene ankayesera ngati inu nomwe. Choipa nchakuti diso likangoona chizindikirocho mutu umayamba kufunafuna zifukwa zochivomereza, makamaka pa (a) ndi (b) pamene munthu angadzinyengerere mosavuta. Phimbani mbali imeneyo, yankhani nokha, kenako fananizani.

Samalaninso ndi mndandanda wa mayankho umene umatumizidwa padera. Mayeso akuluakulu ngati NEET amakhala ndi timabuku tosiyana, mafunso omwewo koma manambala ndi masanjidwe a mayankho atasinthidwa. Mndandanda wa kabuku kena pa mafunso a kabuku kena umakupatsani zolakwika zambirimbiri, inu n'kumaganiza kuti simukudziwa kanthu. Chizindikiro chake ndi choti ngakhale mafunso ophweka amene mukuwadziwa bwino akuoneka ngati mwalakwa. Yang'anani nambala ya kabuku pa tsamba loyamba, ngati inajambulidwa.

Ndijambule bwanji kuti anzanga andithandize bwino?

Yalani pepala pa tebulo, foni ikhale pamwamba penipeni osapendama, masana pafupi ndi windo osati ndi fulashi, poti fulashi imasiya banga loyera pakati pa pepala. Funso lilowe lonse kuyambira malangizo mpaka yankho lomaliza, ndipo malangizo akakhala pa tsamba lina jambulaninso limenelo. Potumiza pa WhatsApp sankhani `Document` kapena dinani `HD`, chifukwa kutumiza wamba kumachepetsa chithunzi ndipo tizilembo tating'ono ndi timene timayamba kuwonongeka. Zimadya bandulo pang'ono, komabe. Musanatumize kulitsani chithunzicho pa sikirini muone ngati `ii` ndi `iii` akusiyanitsika.

Ngati mayeso amachotsa malikisi ukalakwa, ndipenekere kapena ndisiye?

Zimatengera malamulo a mayesowo, amene amakhala pa tsamba loyamba lomwe anthu sakonda kujambula. Pa NEET yankho lokhoza ndi malikisi 4, lolakwika amachotsa 1. Mukatsala ndi mayankho awiri, monga (a) ndi (b), pa mafunso awiri otere tiyerekeze kuti mwakhoza limodzi n'kulakwa limodzi, mwapeza 4 mwataya 1, ndiye kuyankha kuli bwino kuposa kusiya. Mitundu iwiri ya mafunsoyi ndi imene imalola kufika pa mayankho awiri mosavuta, monga tafotokozera pamwambapa. Kumene sachotsa kanthu musasiye funso lopanda yankho.

Wina watumiza chithunzi akuti ndi pepala la mayeso amene sanalembedwe. Nanga pamenepo?

Limenelo ndi likasa, si nkhani yowerengera ayi, ndipo zonse zili pano ndi za mapepala akale ndi a m'mabuku. Musalitsegule n'kuyamba kuyankha, musalitumizenso kwa wina. Mukukumbuka 2020 pamene mayeso a MSCE anathetsedwa ali mkati chifukwa mapepala anabedwa, ophunzira onse dziko lonse, ngakhale amene sanaone kanthu, anakalembanso kumayambiriro kwa 2021. Uzani adimini wa gulupu alichotse, ndipo ngati ndi mayeso a pasukulu panu dziwitsani aphunzitsi.